Mafunso ndi mayankho: kusandutsa macheza olembedwa kukhala nkhani yosimbidwa

Tsambali likuyankha mafunso a munthu amene wajambula macheza, wawalemba onse papepala, ndipo tsopano akufuna kuwasandutsa nkhani yomvera pa wailesi, momwe mawu a wofunsidwa amasinthana ndi mawu a wosimba nkhani. Ziganizo za wosimba zimene zimaima pakati pa zidutswa ziwiri za mawu a wofunsidwa ndizo tikuzitcha mawu olumikiza. Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi chongoyerekeza kuyambira poyamba mpaka pomaliza: macheza a mphindi 40 ndi mayi amene anagwira ntchito ya uzamba kwa zaka zambiri, omwe tikufuna kuti atuluke nkhani ya mphindi 6.

Kodi zolemba za macheza ziyenera kukhala zotani ndisanayambe kusankha ndi kudula?

Ziyenera kukhala ndi zonse zimene munthu anayankhula, monga momwe anayankhulira, osakonza chilichonse. Mawu obwerezedwa, ziganizo zimene zinathera panjira, kuseka, kukhosomola, ngakhale chitseko chimene chinamenyeka pakati pa chiganizo, zonsezi zilembedwe. Chifukwa chake n'chakuti pamene mukusankha zidutswa mudzakhala mukuyang'ana pepala, ndipo pepala lokonzedwa bwino limakunamizani kuti muli ndi chiganizo chosalala chimene kwenikweni mulibe m'mawu ojambulidwawo.

Chachiwiri, lembani nthawi pambali pa yankho lililonse, ndipo yankho likakhala lalitali muziilemba pakadutsa theka la mphindi. Nambala ngati 12:09 ikutanthauza mphindi 12 ndi masekondi 9 kuchokera pamene kujambula kunayambira, ndipo ndi imene imakubwezerani pamalo enieni popanda kumveranso zonse. Kulemba ndi manja macheza a ola limodzi kumatenga maola anayi kapena kuposa apo, choncho ndi bwino kuika nambalazi nthawi yomweyo kusiyana ndi kudzabwereranso kachiwiri.

Mukamaliza kulemba, mverani macheza onse kamodzi muli ndi cholembera m'manja, n'kumaika chizindikiro pamene mawu a munthuyo asintha, pamene wathamanga, watsitsa mawu kapena wakhala kaye chete. Chiganizo chimene papepala chikuoneka chamba chikhoza kukhala champhamvu koposa chifukwa cha mmene chinatulukira pakamwa.

Ndisankha bwanji zimene wofunsidwa anene yekha ndi zimene wosimba amunenere?

Yambani mwalemba nkhani yonse m'chiganizo chimodzi. Pa chitsanzo chathu chiganizocho chingakhale chakuti: mzamba akukumbukira usiku umene magetsi anazima mayi wina ali pafupi kubereka, ndiponso zimene zinamuchititsa kukhalabe pa ntchitoyi. Chilichonse chimene sichikuthandiza chiganizo chimenechi chichoke, ngakhale chitakhala chokoma kumva. Apa ndi pamene ambiri zimawavuta, chifukwa munthu amene wakhala maola akulemba macheza amayamba kukonda mzere uliwonse.

Zotsalazo zigaweni pawiri. Mfundo zouma, monga chaka chimene anayamba ntchito, kukula kwa chipatala, ndi anthu angati amene anali pa ntchito usiku umenewo, zipite kwa wosimba, pakuti iye angazinene m'masekondi 10 pamene mwini wake anazinena mozungulira kwa mphindi ziwiri. Koma zimene munthu anaona ndi maso ake, zimene anamva mumtima, ndi maganizo ake pa nkhani ina, zimenezo anene yekha. Wosimba akanena kuti mayiwa anachita mantha, womvera amangolandira uthenga; mayiwa akanena okha, womvera amamva manthawo m'mawu awo. Ndiponso maganizo a munthu akaikidwa m'kamwa mwa wosimba amamveka ngati ndi maganizo a wailesi.

Kenako werengerani nthawi. Mphindi 6 ndi masekondi 360. Mukatenga zidutswa 8 za masekondi pafupifupi 25 chilichonse, zatha masekondi 200. Mukasiya masekondi 30 a phokoso la pamalo ndi mpata wopumira, wosimba watsala ndi masekondi 130 oti agawe pa malo 9, kuphatikizapo poyambira ndi pothera, kutanthauza masekondi pafupifupi 14 pamalo aliwonse. Kuti mudziwe kuti amenewa ndi mawu angati, werengani mokweza kwa mphindi imodzi monga momwe mudzawerengere pa maikolofoni, kenako muwerenge mawu amene mwatchula. Mukapeza 110, ndiye kuti masekondi 14 akukupatsani mawu pafupifupi 25, omwe ndi ziganizo ziwiri zokha. Magawo amenewa si lamulo, ndipo nkhani ina ingafune wosimba wochepa kuposa pamenepa, koma kuwerengera kotere kumakuonetsani msanga kuti malo a mawu olumikiza ndi ochepa kwambiri.

Nanga ntchito yeniyeni ya mawu olumikiza ndi yotani?

Ntchito yake ndi kupatsa womvera chimene akusowa kuti amvetse chidutswa chikubweracho, osapitirira pamenepo. Tiyeni tione pa zolemba zathu.

12:05 Wofunsa: Nanga magetsi atazima munatani?

12:09 Mzamba: Eee, ndiye kuti, mmm, paja ndinanena kuti tinali awiri basi, eti, ine ndi mnzanga uja. Ndiye atazima, ine sindinaope ayi, kunena zoona mdima sindinauope. Chimene ndinaopa n'chakuti mwana anatuluka osalira. Osalira n'komwe. Ndiye ndinamuuza mnzanga uja kuti, iwe, unika apa, unika apa ndi tochi.

12:41 Wofunsa: Kenako?

12:43 Mzamba: Ndinamupukuta ndi nsalu, n'kuyamba kumusisita pamsana, kumusisita, kumusisita. Ndiye analira.

Chidutswa chabwino chikuyambira pa mawu akuti "ine sindinaope ayi" n'kukathera pa "ndiye analira", funso la pakati litachotsedwa. Koma womvera amene sanakhalepo pa machezawo sakudziwa kuti kunali usiku, kuti magetsi anazima, kuti anthu anali awiri okha, kapena kuti "mnzanga uja" ndani. Mawu ngati "uja", "paja" ndi "kuja" amaloza ku chinthu chimene chinanenedwa kale, ndipo chimene chinanenedwacho mwachidula. Choncho musanalembe chilichonse, dutsani m'chidutswa n'kulemba mzere pansi pa mawu onse oloza chinthu chimene womvera sanachimve. Mndandanda umenewo ndiwo ntchito ya mawu anu olumikiza.

Tiyerekeze kuti chidutswa cham'mbuyo chinali cha mayiwa akufotokoza ntchito ya masana, mmene ankapimira amayi oyembekezera. Mawu olumikiza angakhale otere: "Imeneyo inali ntchito ya masana. Usiku kunkatsala anthu awiri okha, mzambayu ndi namwino mmodzi, ndipo tsiku lina magetsi anazima mayi wina ali pafupi kubereka." Pamenepo mawu a mayiwa akulowa: "Ine sindinaope ayi."

Chiganizo choyamba chayang'ana m'mbuyo n'kutseka zimene womvera wangomva. Chachiwiri chasintha nthawi, chatchula anthu, ndipo chaima ndendende pamene womvera akudzifunsa kuti kodi mayiwa anamva bwanji. Yankho lake akulipereka mwini wake. Zindikirani kuti mawu akuti "namwino" sanachokere m'chidutswachi: anachokera pa mphindi ina ya macheza omwewo pamene mayiwa ananena ntchito ya mnzawoyo. Akanakhala kuti sananene, wosimba akanangoti "ndi mnzawo mmodzi", kapena mukanawaimbira mayiwa kuwafunsa. Mawu olumikiza si malo odzaza mipata ndi zongoganizira.

N'chifukwa chiyani mawu anga olumikiza amamveka ngati akubwereza zimene wofunsidwa akunena?

Chifukwa chakuti mumalemba chidule cha chidutswa m'malo molemba njira yolowera m'chidutswacho. Vuto limeneli ndi lofala kuposa ena onse, ndipo limabwera munthu akawerenga chidutswa, n'kuchimvetsa, kenako n'kulemba zimene wamvetsazo. Pa chitsanzo chathu zingamveke chonchi: "Mayiwa akuti mdima sunawaopse, koma anaopa mwana atabadwa osalira." Kenako mayiwa akubwera kudzanena zomwezo. Womvera wamva nkhani kawiri, ndipo ulendo woyamba waimva kwa munthu amene kunalibe. Choipitsitsa n'chakuti wosimba anene kuti "mwanayo anapulumuka", pakuti akatero kusisita kuja, kumene mayiwa akubwereza katatu, sikukhalanso ndi chodikirira.

Njira yokonzera ndi kulemba chobwerera m'mbuyo. Yambani ndi mawu asanu oyambirira a chidutswa, mudzifunse kuti ndi chiganizo chotani chimene mawu amenewa angakhale yankho lake kapena kupitiriza kwake. Mukachipeza, chimenecho ndicho chiganizo chomaliza cha mawu olumikiza, ndipo zina zonse mumazimanga kumbuyo kwake. Mukatha, yerekezani mawu akuluakulu a wosimba ndi a wofunsidwa. Mukapeza kuti mneni yemweyo, monga "kuopa", ali mbali zonse ziwiri, kawirikawiri ndiye kuti wosimba watenga chimene sichinali chake.

Palinso chizolowezi chomaliza mawu olumikiza onse ndi "mayiwa akufotokoza" kapena "iwo akupitiriza". Mawu otere amafunika pamene munthu akumveka koyamba, pomwe muyenera kutchula dzina lake ndi ntchito yake, komanso pamene mu nkhani muli anthu angapo ndipo wina wakhala nthawi asanamvekenso. Koma ofunsidwa akakhala mmodzi, womvera amawadziwa mawu awo kuyambira chidutswa chachiwiri, ndipo kuwalengeza nthawi iliyonse kumangodula nkhani.

Kodi ndi zololedwa kuchotsa "eee", "mmm" ndi mawu obwerezedwa?

Ndi zololedwa, bola tanthauzo ndi khalidwe la munthu zisasinthe. Mu chidutswa chathu "eee, ndiye kuti, mmm" achoka popanda kutaya kanthu. Koma "kumusisita, kumusisita" si chibwibwi, ndi mmene mayiwa akuonetsera kutalika kwa nthawi imene ankadikira, ndipo "osalira n'komwe" akutsindika dala. Kuchotsa zimenezi n'kuchotsa nkhani. Chimodzimodzinso munthu akafunsidwa funso lovuta n'kukhala chete masekondi asanu asanayankhe, kukhala cheteko ndi mbali ya yankho. Mukakudula, mwamusandutsa munthu amene anayankha mosakayika.

Podula, khutu ndilo limalamula, osati pepala. Munthu akafika kumapeto kwa ganizo mawu ake amatsika, ndipo akakhala kuti akupitiriza amakhala m'mwamba. Mukadula pamene mawu ali m'mwamba, womvera amazindikira kuti munthuyo wadulidwa pakamwa, ngakhale papepala pakuoneka kuti chiganizo chatha. Dulani pamene wapumira, ndipo musiye mpweya umodzi pakati pa ziganizo ziwiri zimene mwalumikiza, chifukwa munthu woyankhula osapuma samveka ngati munthu. Pa pulogalamu yokonzera mawu, monga Audacity, mpweya umaoneka ngati kamtunda kakang'ono chiganizo chisanayambe, ndipo n'kosavuta kukadula mosadziwa.

N'chifukwa chakenso pa tsiku lojambula ndi bwino kupempha kuti onse akhale chete kwa theka la mphindi kapena mphindi yathunthu maikolofoni ikujambulabe. Chipinda chilichonse chili ndi kaphokoso kake, ndipo mukafuna kuika mpata pakati pa mawu mumaikamo kaphokoso kameneka. Mukaika chete weniweni wa pakompyuta, pamamveka dzenje.

Kodi ndingasinthe dongosolo la zimene munthu ananena?

Mungasinthe, ndipo kawirikawiri muyenera kutero, chifukwa anthu sakumbukira zinthu motsatana. Munthu amayamba ndi mapeto, n'kubwerera ku ubwana, n'kudzakumbukira mfundo yofunika pamene mukutsanzikana. Kusanja zidutswa kuti zitsatire nthawi imene zinthu zinachitika ndi kuthandiza womvera. Koma apa ndi pamene mawu olumikiza angathe kunama popanda kusintha liwu ngakhale limodzi la wofunsidwa, ndipo nkhani imeneyi ndi yofunika kuiganizira mofatsa.

Pa 31:20 mayiwa akuti: "Chaka chachiwiri ndinafuna kusiya ntchito, ndinatopa." Funso limene ankayankha linali lokhudza kuchepa kwa anthu ogwira ntchito. Tsopano tiyerekeze kuti chidutswa chimenechi mwachiika pambuyo pa nkhani ya mwana uja, ndipo wosimba wati: "Usiku umenewo unawasiyira chipsera." Liwu lililonse la mayiwa ndi loona, koma womvera achoka akukhulupirira kuti anafuna kusiya ntchito chifukwa cha usiku umenewo, chinthu chimene iwo sananene. Ngakhale wosimba atapanda kunena kanthu, kungogundanitsa zidutswa ziwirizi kumabala tanthauzo lomwelo, pakuti khutu likamva zinthu ziwiri motsatana limatenga choyamba ngati chifukwa cha chachiwiri.

Choncho samalani ndi timawu ting'onoting'ono monga "chifukwa chake", "motero", "koma", "kuyambira pamenepo" ndi "ngakhale zinali choncho". Kalikonse ka timawu timeneti kakunena kuti pali ubale pakati pa zinthu ziwiri, ndipo muyenera kutha kuloza m'zolemba zanu mphindi imene wofunsidwa ananena ubalewo. Mukalephera kuloza, mawu olumikiza alekanitse m'malo molumikiza. Pa chitsanzo chathu wosimba anganene kuti: "Mwanayo ndi mayi ake anatuluka m'chipatala ali bwino. Chimene chinkawalemera mzambayu chinali china: ntchito inali yambiri, ogwira anali ochepa." Mawu akuti "chinali china" ndi amene akuteteza choona, ndipo chiganizo choyambacho chiyeneranso kukhala ndi mphindi yake m'zolemba.

Malire amenewa anafikapo ngakhale ku khoti. Mu 1991 khoti lalikulu la ku United States, pa mlandu umene munthu wina dzina lake Masson anasumira magazini ya The New Yorker, linagamula kuti kusintha dala mawu a munthu sikuti pakokha ndi bodza loipitsa mbiri, pokhapokha kusinthako kutasintha kwenikweni tanthauzo la zimene munthuyo ananena. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma muyeso umenewu ndi wothandiza kwa mkonzi aliyense: funso si lakuti kodi mawu ndi omwewo, koma lakuti kodi tanthauzo ndi lomwelo. Ine ndimaona kuti muyeso wabwino koposa ndi kudzifunsa ngati mungathe kumvera nkhaniyo mutakhala pambali pa mwini mawu popanda kuchita manyazi.

Ndachotsa funso langa, ndiye yankho silikumvekanso. Nditani?

Zimenezi zimachitika munthu akayankha kuti "inde", "ayi" kapena "zinali choncho ndithu", tanthauzo lonse lili m'funso. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kusiya funso lanu momwemo, limveke monga linajambulidwira, ngati mawu anu anagwidwa bwino ndi maikolofoni. Yachiwiri ndi yakuti wosimba anene funsolo m'mawu olumikiza, monga "Titawafunsa ngati anaganizapo zosiya ntchito, sanachedwe kuyankha."

Chosayenera ndi kulemba funso lina losiyana ndi limene munafunsa, kapena kubisa kuti ganizo linachokera kwa inu. Ngati munafunsa kuti "Ndiye kuti akuluakulu anakutayani?" iwo n'kuvomera kuti "eya", wosimba sanganene kuti mayiwa akuti akuluakulu anawataya ngati kuti mawuwo anawayamba okha. Pamalo otere funso liyenera kumveka, kuti womvera aweruze yekha kulemera kwa "eya" ameneyo.

Wosimba ayankhule ngati zinthu zikuchitika tsopano kapena zinachitika kale?

Zimene munthu akunena m'machezamo zimayenda bwino ndi "akuti" ndi "akukumbukira", pomwe zimene zinachitika m'moyo wake zimafuna "anapita" ndi "ankagwira". Chofunika ndi kusankha kamodzi n'kusunga. Sankhaninso ngati wosimba adzitchula kuti "ine", "ife", kapena sadzitchula konse, ndiponso ngati wofunsidwa mudzamutchula mwaulemu kuti "iwo", ndipo zikhale choncho mpaka kumapeto. Samalani pamene mu chiganizo muli anthu awiri: "atafika anawauza kuti adikire" papepala mukhoza kubwerera n'kupeza amene anauza mnzake, koma womvera sangabwerere, choncho tchulani munthuyo.

Kodi zonsezi zikugwiranso ntchito ngati nkhaniyo ndi yowerenga, osati yomvera?

Zambiri zikugwira, makamaka za kusabwereza ndi za kusapanga ubale umene munthu sananene. Kusiyana kwake n'kwakuti papepala palibe mawu omveka, choncho wolemba ndiye ayenera kunena kuti mayiwa anakhala kaye chete kapena anaseka, ndipo anene zokhazo zimene zinachitikadi. Komanso papepala n'kosavuta kukonza chiganizo cha munthu mpaka chisanduke chanu, popeza palibe malo odulidwa amene angamveke. Chimene chili m'kati mwa zizindikiro zogwira mawu chikhale chimene munthu ananena. Mukafuna kuchikonza kwambiri, chotsani zizindikirozo n'kuchinena m'mawu anu.

Ndingadziwe bwanji kuti nkhani yalumikizika bwino ndisanaijambule komaliza?

Werengani mawu olumikiza mokweza, n'kumayatsa chidutswa chilichonse pamalo ake, wotchi ili pambali. Pamene lilime lapunthwa, kapena mpweya wakutherani chiganizo chisanathe, pamenepo pakufunika kulembanso, ndipo kawirikawiri mankhwala ake ndi kugawa chiganizo pawiri. Mverani makamaka pamalo pokumana. Ngati chidutswa chatha ndi "ndiye analira" m'mawu otsika, wosimba asalowe nthawi yomweyo ndi mawu othamanga. Musiye masekondi awiri a kaphokoso ka m'chipinda, ndipo chiganizo chake choyamba chikhale chachifupi.

Kenako werengani mawu olumikiza okha, kudumpha zidutswa zonse. Ngati nkhani yonse ikumveka popanda wofunsidwa, wosimba walankhula zambiri, ndipo muyenera kubweza zina kwa mwini wake. Mukatero mverani zidutswa zokha motsatana, muone ngati pali ziwiri zimene zikunena chinthu chimodzi, n'kuchotsapo chofooka.

Pomaliza pezani munthu amene sanamve machezawo, amvere kamodzi kokha osaona pepala, kenako akusimbireni zimene wamva. Musamufunse ngati nkhaniyo ndi yabwino, koma mumufunse mafunso enieni: usiku uja kunali anthu angati, amene anagwira tochi ndani, ndipo n'chiyani chinachititsa mayiwa kufuna kusiya ntchito. Akayankha kuti anafuna kusiya chifukwa cha mwana amene anabadwa osalira, bwererani ku mawu olumikiza a pakati pa 12:43 ndi 31:20, muwalembenso, ndipo mupeze munthu wina watsopano kuti amvere.